Mwawononga chinthu m'nyumba ya lendi? Kalembedwe ka uthenga wopepesa kwa eni nyumba

Tiyerekeze kuti mukuchita lendi ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi chimbudzi chamadzi. Loweruka m'mawa mwana wakwera pa thanki ya chimbudzi pofuna kufikira sopo pazenera. Thanki yapendekeka, yang'aluka m'munsi, madzi ayamba kuyenderera pansi. Eni nyumba ndi mayi achikulire okhala ku Katoto mumzinda womwewo, amene amangofika mwezi ukatha. Malangizowa atsata nkhani imeneyi kuyambira pa ola loyamba mpaka pa uthenga wotsekera. Chikhale chitseko, galasi la pazenera kapena sinki, njira yake ndi yomweyi.

Mawu akuti "pepani" pawokha satsitsa mtima wa mwini nyumba. Iye akamawerenga uthenga wanu amafuna kudziwa chawonongeka n'chiyani, kodi chikupitirizabe kuwononga nyumba, akonza ndani, ndipo liti. Uthenga woyankha zimenezi ndiye wopepesa weniweni. N'chifukwa chake ntchito imayamba musanagwire n'komwe foni.

Yambani ndi kuletsa kuti zisapitirire kuwonongeka

Pa paipi yobweretsa madzi mu thanki nthawi zambiri pamakhala kampopi kotsekera. Kapotozeni kulowera kumanja, mmene mivi ya wotchi imayendera, mpaka kalimbe, kenaka gujumulani kuti madzi otsala mu thanki atsike onse. Ngati kampopiko palibe, kapena kadauma ndi dzimbiri, musakakamize ndi pulayala chifukwa mungathyole paipi n'kuwonjezera mlandu wachiwiri. Chotsani chivundikiro cha thanki, kwezani m'mwamba kamtengo kogwira mpira woyandama m'thankimo, n'kukamangirira ndi chingwe ku ndodo yomwe mwaipingasa pamwamba pa thanki. Mpira ukakhala m'mwamba madzi salowa. Zikakanika zonsezi, katsekeni madzi panja pafupi ndi mita. Koma ngati mita ndi imodzi pa nyumba zingapo, monga zimakhalira m'mapuloti ambiri ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa, auzeni kaye anzanuwo kuti atungiretu. Mita yeniyeniyo musaikhudze, ndi ya bungwe la madzi, si yanu kapena ya eni nyumba.

Chimbudzi chigwirabe ntchito popanda thanki, bola muzithira madzi a m'ndowa mwamphamvu m'mbale yake. Kolopani pansi paume. Kuno ku Mzuzu chinyezi sichichoka msanga, makamaka nyengo ya mvula ndi miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo madzi ogonera pansi amakwera m'khoma, penti n'kuyamba kutupa.

Mukatero jambulani zithunzi zitatu: china chooneka chipinda chonse, china cha pafupi pa mng'alu, china cha manambala a pa mita ya madzi. Cha mitacho anthu ambiri amaiwala, koma n'chimene chidzakuthandizeni bilu ikadzabwera yokwera wina n'kunena kuti ndi thanki yanu ija. Zidutswa zosweka musataye. Zisungeni mpaka eni nyumba atazionera okha.

Onani ngati ulidi mlandu wanu

Si chilichonse chowonongeka m'nyumba ya lendi chimene chimafuna kupepesa. Mpopi wodontha chifukwa kalabala kam'kati katha, malata odontha pa msomali, felemu la chitseko lodyedwa ndi chiswe, khoma lochita nkhungu nthawi ya dzinja, zonsezi ndi kukalamba kwa nyumba. Pa zotere mumangowadziwitsa eni nyumba mwamsanga, osalonjeza kulipira. Mukapepesa pa chinthu chotha chokha, mwadziyambitsira chizolowezi choti chilichonse chikatha mudzigula ndinu.

Koma chimene chasweka m'manja mwa mwana wanu, mlendo wanu, wantchito wanu, kapena anyamata amene munawapatsa ganyu yonyamula katundu, n'chanu. Kwa eni nyumba palibe kusiyana pakati pa inu ndi anthu amene mwawalowetsa m'nyumbamo.

Pa thanki yadothi, mng'alu umadziulula wokha. Watsopano umakhala woyera mbee m'kati mwake, pamene wakale umakhala utachita chikasu kapena kuda chifukwa cha madzi amene akhala akulowamo. Mukapeza kuti mbali ina ya mng'alu ndi yakale, ijambuleni. Zimenezo sizichotsa mlandu, poti mwana wakweradi, koma zidzathandiza pokambirana mtengo. Ngati munasainirana pangano la lendi, liwerengeninso tsopano. Mapangano ambiri olembedwa amati wochita lendi asasinthe kapena kukonza chinthu popanda chilolezo cha mwini nyumba, ndipo ena amafotokoza mmene dipoziti imagwirira ntchito.

Uthenga woyamba upite tsiku lomwelo

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amati adikire apeze kaye ndalama, kapena akonzetse mwakachetechete eni nyumba asadziwe. Pa puloti nkhani siibisika. Anzanu aona pulambala akulowa, ana anena, ndipo mayi aja akamva kwa wina, mlandu umasanduka wobisa, osati wa thanki. Ena amasunga chinsinsi mpaka tsiku losamuka, kuiwala kuti mlandu suwola. Tsiku limenelo mtengo amatchula ndi eni nyumba okha, inu katundu ali kale pa lole.

Musadikire kudziwa mtengo. Uthenga woyamba ndi wongodziwitsa ndi kuvomera. Kwa munthu wachikulire, imbani kaye foni, chifukwa ambiri amaona ngati chipongwe kuuzidwa nkhani yotere pa WhatsApp pokha. Mukatha kuyankhulana, lembani zomwezo mu uthenga kuti pakhale chosungika. Imbani masana, osati usiku kapena Lamulungu m'mawa anthu ali ku tchalitchi. Ngati lendi mumapereka kwa ejenti kapena wachibale woyang'anira nyumba, yambani ndi ameneyo.

Uthenga umene anthu amakonda kulemba umaoneka chonchi:

"Mayi, thanki ya kutoileti yasweka yokha, mwina inali yakale. Pepani. Tiona chochita."

Mawu ndi ochepa koma zolakwika zachuluka. "Yasweka yokha" ndi bodza limene pulambala aliyense adzalitsutsa akangoona mng'alu woyera. "Mwina inali yakale" akubweza mlandu kwa mwini nyumba. "Tiona chochita" sakunena munthu, tsiku kapena ndalama, ndipo mayi aja sakudziwa ngati madzi akutayikabe. Wolembedwa bwino ndi uwu:

"Monire amama. Ndine wa m'nyumba yanu yachiwiri ku Chibavi. Monga ndanenera pa foni, lero Loweruka pa 14 Juni cha m'ma 8 koloko m'mawa mwana wanga anakwera pa thanki ya chimbudzi, ndipo yang'aluka m'munsi. Kulakwa n'kwathu, sitinamuyang'anire bwino. Pepani kwambiri. Madzi ndatseka, sakutayikanso, pansi ndaumitsa, ndipo mbale ya chimbudzi ndi mapaipi zili bwino. Zithunzi ndi izi. Ndalama zokonzera ndilipira ndine. Lolemba ndifufuza mitengo ndipo ndikuuzani lisanalowe dzuwa. Ngati muli ndi pulambala amene mumamudalira, ndipatseni nambala yake. Sindikhudza chilichonse musanandiuze. Yewo chomene."

Onani dongosolo lake. Moni ndi kudzitchula zili patsogolo, chifukwa mwini nyumba zingapo sangaloweze nambala ya aliyense. Kuno kumpoto, ngakhale uthenga wonse uli m'Chichewa, kuyamba ndi "monire amama" kapena "monire adada" n'kutsiriza ndi "yewo" kumafewetsa mtima wa munthu wamkulu woyankhula Chitumbuka. Ngati simunazolowere, "mayi" kapena "bambo" akukwanira, bola muwatchule mmene mumawatchulira masiku onse. Mwana watchulidwa pofotokoza mmene zachitikira, koma mlandu wausenza ndi kholo. Kupepesa kwabwera kamodzi kokha. Kubwereza "pepani" kasanu kumabisa mfundo zofunika, ndipo kumaoneka ngati mukupempha kuti akukhululukireni ndalama. Kunena zimene sizinawonongeke n'kofunika zedi, chifukwa munthu ali ku Katoto akamva za madzi amaganiza nyumba yonse yasefukira. Mavuto anu a ndalama, za fizi kapena za malipiro ochedwa, musaike muno. Nthawi yake ifika pokambirana kalipiridwe.

Chiganizo chomaliza chija, chakuti simukhudza chilichonse, musachisiye. Nyumba ndi yawo. Ena ali ndi mmisiri amene anaika mapaipi a nyumbayo ndipo safuna dzanja lina, ena ali ndi thanki yotsala pomanga imene ili m'chipinda chosungiramo katundu.

Fufuzani mtengo weniweni

Lolemba musangopita ku hadiweya m'tauni n'kufunsa kuti thanki ya chimbudzi ndi zingati. Mathanki ndi osiyana. Ina imakhala pa mbale yeniyeni ya chimbudzi yomangidwa ndi mabawuti awiri, ina imapachikidwa kukhoma n'kulumikizidwa ndi paipi yopindika. Ina madzi amalowera m'mbali, ina pansi. Ya mtundu wokhala pa mbale ndi yovutirapo, chifukwa mabowo a thanki yatsopano ayenera kugwirizana ndi a mbale yakale, ndipo sitolo zina sizigulitsa thanki payokha koma pamodzi ndi mbale. Choncho tengani chithunzi, yezani m'lifupi mwa thanki ndi mpata wa pakati pa mabawuti, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi pulambala. Funsani m'sitolo ziwiri kapena zitatu, ndipo alembe mtengo papepala lokhala ndi tsiku, poti mitengo sikukhalitsa masiku ano. Funsaninso ngati zam'kati, mpira ndi chogujumulira, zili pa mtengo womwewo.

Pali mayesero awiri amene amabwera apa. Loyamba ndi kumata mng'alu ndi guluu. Pa thanki yadothi imene imasunga madzi okwana malita 6 mpaka 9 usana ndi usiku, chomata chimagwira kwa kanthawi, kenaka mng'alu umapitirira, ndipo ukhoza kutseguka usiku anthu ali mtulo, madzi n'kumalowa osaleka chifukwa thanki sikudzadza. Lachiwiri ndi kugula thanki yapulasitiki yotchipa m'malo mwa yadothi. Imagwira ntchito ndithu, koma si chimene munachipeza. Mukhoza kuwapempha eni nyumba kuti alole yapulasitiki, ndipo ena amalola, koma musawaikire iwo asanavomere. Lamulo losavuta n'lakuti mubwezeretse chofanana ndi chimene munawononga.

Pulambala auzeni atchule ndalama ya ntchito payokha, zipangizo payokha. Akaphatikiza zonse pa mtengo umodzi simudziwa chimene mukulipira, ndipo eni nyumba akafunsa mudzasowa choyankha. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kalembedwe, inu mudzaike amene mwapeza tsiku limenelo.

"Mwaswera bwanji amama. Ndafufuza monga ndinalonjezera. Thanki yadothi yofanana ndi yomwe inalipo, pamodzi ndi zam'kati, ndi K90,000. Kapaipi kolumikizira ndi tepi yomangira ndi K12,000, pulambala K25,000, kunyamula K3,000. Zonse pamodzi K130,000. Mapepala a mitengo ndajambula, ndi awa. Pali njira ziwiri, musankhe ndinu. Yoyamba, ndigule ndekha, pulambala aike Lachitatu pa 18 Juni, inu kapena amene mungamutume adzaone ntchito ikatha. Yachiwiri, ndikupatseni ndalamayo mukonzetse kwa mmisiri wanu. Lendi ya mwezi uno ndipereka yonse pa tsiku lake, siyikhudzidwa ndi nkhaniyi."

Chiganizo cha lendicho chili ndi ntchito yaikulu. Mantha a mwini nyumba aliyense ndi akuti pakutha pa mwezi adzamva kuti ndalama inapita ku thanki. Musachotse ndalama yokonzera pa lendi, ndipo musasakanize ziwirizi potumiza.

Njira iti ili bwino kwa inu? Kukonzetsa nokha kawirikawiri kumatchipa chifukwa mitengo mwaiona ndi maso anu, koma ntchito ikadzadontha pakatha sabata ziwiri, udindo ubwerera kwa inu. Kupereka ndalama kumatseka nkhani, bola mwagwirizana nambala yake poyamba. Musalembe kuti "konzetsani, ndidzabweza zilizonse", chifukwa mawu amenewo alibe malire.

Ngati ndalama yonse palibe

Nenani poyera, ndi masiku ake. "Ndidzapereka ndikapeza" si lonjezo. Lembani chonchi: "K130,000 yonse pakamodzi sindikwanitsa. Ndikupempha ndipereke K70,000 pa 28 Juni ndikalandira, ndi K60,000 yotsala pa 28 Julayi." Sankhani tsiku limene ndalama imakhala itafikadi m'manja, osati limene mumaiyembekezera. Kuli bwino kupempha miyezi itatu n'kukwaniritsa kusiyana n'kulonjeza sabata imodzi n'kuyamba kuzemba foni. Mukaona kuti tsiku lolonjeza mulephera, lembani kudakali masiku awiri, tumizani imene ilipo, n'kutchula tsiku latsopano.

Ena amati, "Ingochotsani pa dipoziti." Mukhoza kupempha, koma dziwani kuti eni nyumba ambiri amakana, chifukwa dipoziti amaisungira tsiku lotuluka, ndipo nthawi zina ndalamayo sikhala pafupi. Akavomera, lembani mu uthenga ndalama imene yachotsedwa ndi imene yatsala, komanso ngati mukuyenera kudzabwezeretsapo.

Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, onjezani yotapira kuti mayi aja alandire ndalama yathunthu. Sungani uthenga wotsimikiza, ujambuleni, n'kuwatumizira ndi mawu akuti, "Iyi ndi K70,000 ya thanki, gawo loyamba. Yatsala K60,000." Mukapereka pamanja, alembe m'kabuku ka lendi n'kusaina, pa mzere wakewake.

Akakwiya, kapena akatchula mtengo wokwera

Akhoza kukalipa, ndipo ali ndi chifukwa. Musayankhe ndi mndandanda wa zinthu zimene iwo sanakonze, monga denga lodontha kapena geti losatsekeka. Madandaulo amenewo akhoza kukhala oona, koma kuwatulutsa lero kumaoneka ngati mukusinthanitsa milandu. Yankhani mwachidule kuti mwamva, mukumvetsa kukhumudwa kwawo, ndipo lonjezo lanu silinasinthe. Uthenga wa mawu wojambulidwa mutapsa mtima ndi woopsa kuposa wolemba, chifukwa umatumizidwa kwa achibale awo onse.

Mwina ayankha kuti mmisiri wawo wanena K250,000 chifukwa asintha chimbudzi chonse. Musakane mwaukali, ndipo musavomere mwamantha. Funsani chifukwa chake. Ngati thanki yogwirizana ndi mbale yakale sikupezeka, ndiye kuti kusintha zonse kwayamba chifukwa cha ngozi yanu, ndipo n'koyenera kuti musenze gawo lalikulu. Koma ngati thanki yofanana ilipo ndipo iwo akungofuna chimbudzi chamakono, lembani mwaulemu kuti: "Amama, mbale ili bwinobwino monga zikuonekera pa chithunzi. Ine ndilipira K130,000 ya thanki ndi ntchito yake. Ngati mukufuna kusintha chonse, ndalama yangayo ikhale gawo langa, yotsalayo muonjezere." Apa m'pamenenso chithunzi cha mng'alu wakale chimagwira ntchito, ngati unalipo. Mukhoza kupempha kuti mugawane mtengo, koma mochita kupempha.

Nkhani ikafika pokokana, siyani kulemberana. Pitani kwawo ndi munthu wamkulu mmodzi, wachibale kapena mkulu wa mpingo, mukakhale pansi. Zimene mwagwirizana pamenepo mudzazilembe mu uthenga madzulo ake, n'kuwapempha ayankhe kuti ndi momwemo. Zikakanikabe, amfumu a m'dera amamva nkhani za lendi kawirikawiri, ndipo zithunzi, mapepala a mitengo ndi mauthenga anu zidzayankhula m'malo mwanu.

Ntchito ikatha

Pulambala musamulipire yonse asanayese ntchito pamaso panu. Atsegule madzi, thanki idzadze, muone ngati madzi akuleka kulowa asanafike pa kabowo kotayira osefukira. Gujumulani katatu. Pukutani malo onse olumikizira, kenaka ikani pepala louma la kuchimbudzi pansi pa mabawuti ndi pa kapaipi kobweretsa madzi, mulisiye mphindi 15. Likanyowa, pakudontha. Kawirikawiri chimakhala kalabala kosakhala bwino kapena tepi yochepa. Muonetsetse kuti asamange mabawuti mopyola muyeso pofuna kuletsa kudonthako, chifukwa dothi lowotcha silipindika, limang'aluka, ndipo mungagule thanki kawiri. Yang'ananinso m'mbale ya chimbudzi. Kamzere ka madzi kotsetsereka kosaleka kakusonyeza kuti zam'kati mwa thanki sizikutseka bwino, ndipo kamakweza bilu mwakachetechete. Pomaliza tsekani mipopi yonse, werengani mita, dikirani theka la ola, werenganinso. Manambala asasunthe. Pa mita yogawana, apempheni anzanu asatunge pa nthawi imeneyo.

Tengani lisiti la ku sitolo, ndipo pulambala alembe papepala ndalama imene walandira ndi nambala yake ya foni. Malisiti enieni apatseni eni nyumba, inu musunge zithunzi zake mpaka tsiku limene mudzatuluke ndi kulandira dipoziti. Ngati madzi anatayika ambiri pa mita yogawana, auzeninso anzanu a pa puloti kuti bilu ikabwera yoposa ya masiku onse, mudzaonjezera pa gawo lanu.

Uthenga wotsekera ukhale waufupi:

"Mwaswera bwanji amama. Thanki yaikidwa lero Lachitatu pa 18 Juni, tayesa, sikudontha. Zithunzi ndi malisiti ndi izi, ndipo yoswekayo ndasunga kuseri kwa nyumba kuti mudzaione. Chonde mudzafike kapena mutume munthu adzaone ntchito. Mukakhutira mundiyankhe pompano kuti nkhani ya thanki yatha. Zikomo chifukwa chondilezera mtima."

Yankho lawo, ngakhale likhale la mawu awiri, lijambuleni n'kulisunga pamodzi ndi malisiti aja. Akapanda kuyankha, akumbutseni pa tsiku lopereka lendi, aone thanki ndi maso, n'kulemba m'kabuku ka lendi kuti yakonzedwa.